Kuyambitsa kalasi ya masana ya ana a pulayimale ku Mangochi: yambani ndi kuyesa kuwerenga

Anthu ambiri amene amandifunsa za patitayimu amabwera ali ndi maganizo amodzi: apeze bolodi, asonkhanitse mapepala a mayeso akale a MANEB, aitane ana a Sitandade 8, ayambe kuwathira mafunso. Inenso ndinayamba choncho, pakhonde la nyumba ya lendi kufupi ndi M'baluku, ndi ana 22 pa mikeka iwiri. Itatha teremu, amene ankakhoza anapitiriza kukhoza, amene ankalephera anapitiriza kulephera, ndipo makolo asanu ndi awiri anangosiya kutumiza ana osatsanzika. Vuto silinali kuchepa kwa mapepala. Theka la anawo sankatha kuwerenga funso n'kulimva, ndiye ine ndinkangowaphunzitsa kuloweza mayankho a mafunso amene sadzabweranso.

Kumbukirani mmene mayeso a PSLCE alili. Mapepala ake ndi asanu ndi limodzi: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi, phunziro la zachikhalidwe ndi zachipembedzo, komanso la zaluso ndi maluso a moyo. Kupatula la Chichewa, onsewo amafunsidwa m'Chingerezi. Tsono kuno kwathu ana ambiri amakula akuyankhula Chiyao kunyumba, Chichewa amachigwiritsa kusukulu ndi kumsika, ndipo Chingerezi chimabwera ngati chiyankhulo chachitatu. Mwana wotere akalephera Masamu, musafulumire kunena kuti mutu wake sugwira nambala. Nthawi zambiri ndi chiganizo cha funsolo chimene chamutsekera njira. Malangizo ali m'munsiwa ndi a kalasi imodzi ya ana 15, a Sitandade 5 mpaka 8, yokumana katatu pa sabata, imene imaphatikiza kuwerenga ndi kukonzekera mayeso.

Choyamba: pitani kwa ahedi ndi kwa amfumu musanaitane mwana aliyense

Unduna wa zamaphunziro wakhala ukuletsa aphunzitsi a m'sukulu za boma kulipiritsa ana awo maphunziro apadera pasukulu. Choncho ngati ndinu mphunzitsi wa boma, musatenge ana a m'kalasi mwanu n'kumawalipiritsa. Makolo adzati mukubisa maphunziro m'mawa kuti muwagulitse masana, ndipo nkhani ikafika kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni yanu, a PEA, mwapalamula. Ngati simuli pantchito ya boma, muli ndi mpata, koma kalasi yanu isachitikire m'chipinda cha sukulu popanda chilolezo cha ahedi ndi komiti ya sukulu.

Kwa ahedi mukupita kukapempha zinthu ziwiri zokha: akuuzeni nthawi imene makalasi akuluakulu amaweruka, ndipo akuloleni kuona mabuku a ophunzira amene akugwiritsidwa ntchito panopa, kuti musamaphunzitse za silabasi yakale. Musapemphe mayina a ana olephera. Kwa amfumu mukupita kukadziwitsa kuti pakhomo pakutipakuti pazisonkhana ana masiku akutiakuti. Ulendo umenewu ndi wa mphindi khumi, koma tsiku limene oyandikana nanu adzadandaule za phokoso mudzauthokoza.

Chachiwiri: nthawi, chifukwa kuno masana ali ndi eni ake

Ku Mangochi simungangolengeza kuti kalasi iziyamba 2 koloko. M'midzi yambiri ana akaweruka kusukulu amadya n'kupita ku madirasa, ndipo kholo mukaliuza kuti lisankhe pakati pa madirasa ndi inu, mwaluza ndinu. Pitani kwa a mwalimu a madirasa ya m'dera lanulo, muwafunse nthawi imene amatulutsa ana, muike kalasi yanu pambuyo pake. Kwa ine zinatheka motere: Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 4 koloko mpaka hafu pasiti 5, ndi Loweruka m'mawa kuyambira 8 koloko. Lachisanu ndinalisiyiratu. M'mwezi wa Ramadani ana okulirapo amasala, ndipo pofika madzulo amangoyang'ana bolodi maso ali gwa, mutu uli ku futari. Mwezi umenewo chepetsani za madzulo, ntchito yolemera ipite Loweruka m'mawa.

Pali zinanso zimene kalendala ya sukulu sinena. Mu Okutobala ndi Novembala nyumba ya malata imasanduka uvuni, ndiye mthunzi wa mtengo wa mango umaposa chipinda chilichonse, bola bolodi liyang'ane kumene dzuwa silikuwala. Mu Juni ndi Julayi mdima umagwa msanga, ndipo mtsikana wochokera kutali ayenera kunyamuka kusanade. Tchuthi chachikulu ndi nthawi ya zinamwali, jando ndi nsondo, choncho musawerengere kuti mudzakhala ndi kalasi yodzaza mu Ogasiti. Kumidzi ya m'mbali mwa nyanja, kaya ndi ku Malindi, ku Makanjira kapena ku Malombe, usipa ukagwa anyamata amasowa m'mawa chifukwa ali kudooko kukoka makoka ndi kuyanika nsomba pa thandala. Zimenezi simungazithetse ndi chilango. Ingodziwani kuti zilipo, musaike phunziro latsopano lovuta pa tsiku limene mukudziwa kuti theka la kalasi kulibe.

Chachitatu: yesani mwana aliyense payekha, mphindi khumi

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo musadumphe ngakhale kholo likukakamiza kuti mwana ayambe lero lomwe.

Konzani mapepala atatu. Loyamba likhale ndime ya Chichewa ya mawu 60, yotengedwa m'buku la Sitandade 3 kapena 4, yolembedwa ndi malembo akuluakulu ooneka bwino. Lachiwiri likhale ndime ya Chingerezi ya mawu 60, ya m'buku la Sitandade 5. Lachitatu likhale masamu khumi opanda mawu: awiri ophatikiza mosunga, awiri ochotsera mobwereka, atatu ochulukitsa, atatu ogawa. Ndime iliyonse mukhale nayo makope awiri, lina la mwana, lina lanu lochongapo.

Khalani pambali pa mwana, osati kutsogolo kwake ngati wapolisi. Muuzeni kuti si mayeso, palibe kukhoza kapena kulephera. Tcherani wotchi ya pafoni mphindi imodzi, ayambe kuwerenga mokweza. Liwu lililonse limene walakwitsa kapena kulidumpha, dulani kamzere pa pepala lanu. Akaima pa liwu masekondi atatu, muuzeni liwulo, mulichonge ngati lolakwa, apitirize. Mphindi ikatha, ikani chizindikiro pamene wafika, muwerenge mawu amene wakhoza. Kenako tembenuzani pepala lake, mumufunse mafunso atatu a zimene wawerenga: ndani, anachita chiyani, chifukwa chiyani. Pa ndime ya Chingerezi, mloleni ayankhe m'Chichewa kapena m'Chiyao, chifukwa chimene mukufuna kudziwa ndi ngati wamva, osati ngati amatha kuyankhula.

Mvetserani mtundu wa kulakwitsako, osangowerenga nambala. Mwana amene akuti "sikomo" pamene palembedwa "zikomo" akutha kuwerenga. Lilime lake ndi la Chiyao basi, ndipo pa kuwerenga musamuchongere. Mudzalimbana nazo pa kalembedwe, chifukwa akalemba choncho m'chimangirizo adzataya malikisi. Koma mwana amene waona "nkhwangwa" n'kunena "nkhuku" akungoyang'ana lembo loyamba n'kuganizira zotsalazo. Ameneyo maphatikizo a malembo atatu mpaka asanu, monga nkhwa, mphwa, ntha ndi ng'o, sanamulowe, ngakhale ali mu Sitandade 7. Palinso mwana wothamanga ngati wailesi, amamaliza ndime yonse isanathe mphindi, koma mukamufunsa kuti nkhaniyo ikunena za ndani, amangoyang'ana pansi. Ameneyu ndi amene amapusitsa makolo, chifukwa kunyumba amamveka ngati katswiri.

Malire amene ndimagwiritsa ntchito ndi anga, ochokera pa zimene ndaona, ndipo mukhoza kuwasuntha. Amene wawerenga mawu osafika 25 a Chichewa pa mphindi amapita m'gulu la maphatikizo. Amene wadutsa pamenepo m'Chichewa koma walephera mafunso awiri mwa atatu a ndime ya Chingerezi amapita m'gulu lomvetsa nkhani. Amene wayankha bwino zonse ziwiri ndiye yekha woyenera mapepala a mayeso akale. Kalasi imene mwana ali kusukulu isalowererepo. Pa ana 15 amene ndinayesa nditayambiranso, anayi anagwera m'gulu loyamba, asanu ndi awiri m'lachiwiri, ndipo anayi okha ndi amene anali okonzekera mapepala, pomwe a Sitandade 8 analipo asanu ndi anayi.

Magulu musawatche loyamba, lachiwiri, lachitatu, chifukwa mnyamata wa zaka 14 sadzabweranso akadziwa kuti waikidwa pansi limodzi ndi mng'ono wake. Ine ndinawatcha Chambo, Kampango ndi Mcheni, ndipo ana anakangana masiku awiri kuti nsomba yokoma ndi iti, osafunsa kuti gulu lapamwamba ndi liti.

Zotsatira za mwana aliyense zilembeni m'kope lachikuto cholimba, tsamba limodzi mwana mmodzi: tsiku, mawu pa mphindi m'Chichewa, m'Chingerezi, mafunso amene wakhoza, masamu pa khumi. Kope limeneli ndi limene lidzakusungirani makasitomala, monga muonere kutsogoloku.

Chachinayi: mphindi 90 zigaweni motere

Munthu mmodzi ndi magulu atatu n'zotheka pokhapokha gulu lililonse likudziwa chochita pamene inu muli kwina. Mphindi khumi zoyamba onse amakhala pamodzi pa matebulo ochulukitsa, koma osaimba mondondoza kuyambira 1 mpaka 12, chifukwa mwana amaloweza nyimbo osati yankho. Funsani modumphadumpha: 7 kuchulukitsa ndi 8, kenako 56 kugawa ndi 7.

Mphindi 40 zotsatira ndi za kuwerenga. Yambani ndi gulu la maphatikizo, mukhale nalo mphindi 15 ndi makadi. Makadiwo dulani ku makatoni a sopo kapena a shuga amene mungapemphe kugolosale, phatikizo limodzi khadi limodzi, lolembedwa ndi cholembera chachikulu chakuda. Ana amayala makadi pa mkeka n'kumapanga mawu: nkha ndi ni, nkha ndi nga, kenako mumasinthanitsa. Pa nthawiyo gulu lomvetsa nkhani likuwerenga awiriawiri ndime ya Chingerezi ya mizere isanu ndi itatu, wina akuwerenga, mnzake akutsatira ndi chala, kenako amasinthana, ndipo aliyense amalemba mawu atatu amene sanawamve. Gulu la mapepala likuyankha mafunso khumi, wotchi ili patsogolo pawo. Mukachoka kwa a makadi mumawasiyira mawu asanu oti akopere, mumapita kwa achiwiri kukamasulira mawu aja ndi kuwafunsa kuti afotokoze ndimeyo m'Chichewa. Mphindi khumi zomaliza ndi za achitatu.

Mphindi 30 ndi za Masamu, ndipo khumi zotsala ndi zopereka ntchito ya kunyumba ndi kuchonga kaundula. Ntchito ya kunyumba ikhale yochepa, masamu asanu kapena ndime imodzi, poti nyumba zambiri kuwala kwake ndi tochi imodzi ya banja lonse.

Loweruka ndilo tsiku la kalabu yowerenga, ndipo ine ndimalola ang'ono awo a Sitandade 3 ndi 4 kubwera ulere. Si chifundo chokha ayi: ana amenewa ndiwo amadzalembetsa chaka chamawa. Mabuku a nthano akasowa, pangani anu. Mwana mmodzi afotokoze zimene zinachitika, mwina tsiku limene mvuu inatulukira kudimba m'mbali mwa Shire, inu muzilemba pa bolodi m'ziganizo zisanu ndi chimodzi, onse awerenge, kenako akopere pa mapepala awiri opinda pakati, osokedwa ndi ulusi, ajambulepo zithunzi. Pakutha kwa teremu mumakhala ndi timabuku 12 tonena za malo amene ana akuwadziwa. Buku likabwerekedwa, lembani dzina ndi tsiku, ndipo lipite m'jumbo, makamaka nthawi ya dzinja.

Chachisanu: mapepala a mayeso akale, ndi mmene mungachongere

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndipo zaka zambiri PSLCE imalembedwa cha mu Meyi. Ndiye kuti muli ndi miyezi ngati isanu ndi itatu, kuchotsapo tchuthi ziwiri. Teremu yoyamba musapereke pepala lathunthu. Dulani mafunso potsata mitu: sabata ino mafulakishoni okhaokha a zaka zosiyanasiyana, sabata yamawa phindu ndi kuluza. Kuyambira Janyuwale perekani theka la pepala Loweruka lililonse lachiwiri. Mapepala athunthu, olembedwa pa nthawi yeniyeni imene yalembedwa pachikuto, mwana aliyense atakhala payekha popanda kufunsa, asungireni masabata asanu ndi limodzi omaliza.

Chofunika kwambiri ndi kachongedwe. Kulemba 11 pa 30 sikukuuzani chilichonse. Pa funso lililonse lolakwa muitaneni mwana, mumumasulire funsolo m'Chichewa, muone ngati angakhoze, kenako muike lembo limodzi m'mphepete: F ngati sanamve funso, N ngati sadziwa njira, W ngati njira anaidziwa koma waphonya powerengetsa, ndi T ngati nthawi inamuthera.

Taonani chitsanzo cha mtsikana wina wa Sitandade 8, amene mayi ake amagulitsa usipa. Funso linali m'Chingerezi, ndipo tanthauzo lake ndi ili: mayi anagula mabeseni atatu a usipa pa K12,000 beseni lililonse, n'kugulitsa onse pa K45,000, pezani phindu lake pa 100 iliyonse. Mtsikanayo analemba 45,000 kuchotsapo 12,000, n'kupeza 33,000, n'kuima pomwepo. Poyang'ana pepala mungati sadziwa kanthu. Nditamufunsa pakamwa kuti, "Amayi ako apikula mabeseni atatu, lililonse 12,000, agulitsa onse 45,000, apindula zingati?", sanagwire n'cholembera chomwe. Anati, "9,000, koma simunachotse ya kabaza." Ndiye kuti kuchulukitsa 12,000 katatu kuti apeze 36,000 amatha, kuchotsera amathanso. Chimene chinamugwetsa ndi kaliwu kamodzi ka Chingerezi kotanthauza "lililonse". Pamenepo ndinaika F. Koma nditamuuza kuti apitirize, anagawa 9,000 ndi 45,000 n'kupeza 20, m'malo mogawa ndi 36,000, mtengo wogulira, kuti apeze 25. Apo ndinaika N. Funso limodzi, matenda awiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Pa mafunso 19 amene analakwa tsiku limenelo, 11 anali a F, asanu a N, awiri a W, limodzi la T. Kumuwonjezera masamu ena zana sikukanathandiza. Tinayamba kope laling'ono la mawu a m'mafunso: mawu a Chingerezi otanthauza lililonse, zonse pamodzi, zotsala, kusiyana, kuposa, kupatula, tchulani, fotokozani, perekani chifukwa. Mbali ina liwu la Chingerezi, mbali ina Chichewa, ndipo iye ankawonjezerapo Chiyao. Tinaikanso lamulo kuti asanagwire nambala iliyonse, adule mzere pansi pa mawu amenewa, anene funsolo m'Chichewa chamumtima. Ine ndimaona kuti mawu 40 oterewa amapindulitsa mwana kuposa mapepala a zaka khumi.

Kalasi yonse ikachuluka ma N pa mutu umodzi, vuto ndi lanu kapena mutuwo sunaphunzitsidwe kusukulu, ndiye uphunzitseni mwatsopano. Ma W ambiri amachokera ku matebulo ndi kusalunjikitsa manambala m'mizere yake. Ma T amathetsedwa pophunzitsa mwana kudumpha funso lomuvuta n'kudzalibwerera, chinthu chimene ana athu amachiopa ngati kuba.

Mayeso akamayandikira adzakupezani wina wonong'ona kuti ali ndi likasa. Musagule, musalandire pafoni, musalionetse kwa ana. Ndi mlandu, ndipo mukukumbukira kuti mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa cha kubedwa kwa mapepala, ophunzira onse n'kulembanso. Zolembetsa mayeso a MANEB nazonso musazigwire; zimenezo ndi za kholo ndi sukulu.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama

Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho manambala awa atengeni ngati chitsanzo cha kawerengedwe, muikepo a kwanuko. Tinene kuti mukulipiritsa K6,000 pa mwezi. Ana 15 ndi K90,000 pa pepala. Koma werengerani 12 okha, chifukwa mwezi uliwonse pamakhala wina amene bambo ake ali ku Joni sanatumize, wina kwawo kwagwa maliro, wina ndi wamasiye amene simungamubweze. Zenizeni ndi K72,000.

Chimene chimadya ndalama mwakachetechete ndi fotokope. Mukapatsa mwana aliyense masamba anayi pa sabata, ndi masamba 240 pa mwezi, ndipo pa K100 tsamba ndi K24,000. Onjezani K15,000 ya malo, K3,000 ya choko ndi zolembera, K3,000 ya mayunitsi, zonse K45,000. Mwatsala ndi K27,000 pa makalasi 12. Tsopano sinthani chinthu chimodzi: jambulitsani makope asanu ndi atatu okha, ana aziwerenga awiriawiri, mayankho azilemba m'makope mwawo, mapepala azibwerera kwa inu m'timatumba ta pulasitiki. Masamba atsika kufika 128, ndiye K12,800, ndipo mwatsala ndi K38,200. Chaka chachiwiri mapepala omwewo alipo kale. Pa mayeso oyeserera okha ndi pamene aliyense afunika lake.

Ndalama izi sizingakudyetseni zokha. Gulu limodzi ndi ntchito yapambali. Imayamba kuoneka ngati bizinesi mukakhala ndi magulu awiri kapena atatu, ndipo mukafika poika chikwangwani ndi kulemba wothandizira, pitani kukhonsolo mukafunse za chiphaso. Koma musakulitse pothira ana 30 pa mkeka umodzi. Kholo likulipira chifukwa kusukulu mwana wake amasowa m'chigulu, ndipo mukamubwezeretsa m'chigulu china palibe chimene mukugulitsa.

Malipiro akhale a kumayambiriro kwa mwezi, pasanafike pa 5. Kwa ogulitsa mumsika ndi asodzi, K1,500 pa sabata imatuluka mosavuta kuposa K6,000 ya kamodzi. Landirani pa Airtel Money kapena Mpamba ngati n'kotheka, chifukwa ndalama yopatsira mwana m'manja imakumana ndi mandasi panjira. Ikabwera pamanja, lembani lisiti. Wina akafuna kulipira ndi nsomba kapena chimanga, gwirizanani mtengo wake tsiku lomwelo n'kulemba. Ndipo musamuchititse mwana manyazi pa anzake chifukwa cha ngongole. Nkhani ya ndalama ndi ya inu ndi kholo.

Za chitetezo cha ana

Izi n'zachidule koma sizikambirana. Phunzitsirani poonekera, chitseko chotsekula. Musatsale ndi mwana mmodzi m'nyumba, ngakhale poyesa kuwerenga paja. Chitirani pakhonde anthu akuona. Ngati ndinu bambo, pemphani mayi mmodzi wa m'gulu la amayi a pasukulu kapena kholo lina kuti azikhalapo, ndipo mwana wake aziphunzira mwaulere. Chikwapu ayi. Musatume ana kukatunga madzi kapena kusesa pakhomo panu. Pakhale chimbudzi, ndowa ya madzi akumwa yovundikira ndi posamba m'manja, poti kolera kuno timamudziwa. Mwana akajomba kawiri motsatizana, imbirani kholo, chifukwa mwina kunyumba amanyamuka ndithu.

Pakatha masabata asanu ndi limodzi

Bwerezani kuyesa kuja, ndi ndime zina zofanana kulimba kwake, osati zomwe zija. Lembani pansi pa zotsatira zoyamba, kenako muitane kholo kapena mupite kwawo ndi kope lija. Makolo ambiri sangayang'ane makope a mwana n'kudziwa ngati zikuyenda, koma aliyense amamva mukati, "Mayi, tsiku loyamba anawerenga mawu 18 pa mphindi, lero wawerenga 31. Tamverani." Mwanayo awerenge pamaso pawo. Bambo ali ku Joni atumizireni mawu ojambula a mwana akuwerenga, amayi ake atavomereza. Fizi ya mwezi wotsatira simudzaikumbutsa kawiri.

Nambala ikapanda kusuntha, yang'anani kaundula kaye. Ngati mwana wabwera masiku osafika 12 mwa 18, chifukwa chake ndi chimenecho. Ngati amabwera koma sakusuntha, muoneni bwino: kodi amayandikitsa pepala kumaso, amatsinzina poyang'ana bolodi, amatembenuza khutu limodzi mukamayankhula? Uzani kholo lipite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu, m'malo molipira mwezi wina. Ngati ana ambiri a gulu limodzi aima, ndime zanu zawakulira, bwererani kalasi imodzi m'mbuyo.

Kholo lililonse la Sitandade 8 lidzakufunsani kuti, "Ndiye asankhidwa?" Musalonjeze. Kusankhidwira ku sekondale ya boma yogonera konko kapena ku CDSS kumadalira mmene ana ena akhozera komanso malo amene alipo, zinthu zimene sizili m'manja mwanu. Tsekulani tsamba la mwanayo, muwaonetse kuti ma F anali 11 mu Janyuwale ndipo tsopano ndi anayi, muwauze mitu iwiri imene yatsala ndi masabata amene muithere. Ndipo ngati mwana wafika kwa inu mu Malichi asakutha kuwerenga ndime ya Sitandade 4, auzeni makolo tsiku lomwelo kuti miyezi iwiri siikwana, kuti mumulandira m'gulu la maphatikizo osati la mapepala, ndipo nkhani yobwereza kalasi akakambirane ndi ahedi mayeso asanafike.